Zokambirana pa gulu la aphunzitsi: kamayeso ka pa Lolemba kobwereza mitu yakale

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto limene landisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa sayansi ku Fomu 1, ana alipo 74 m'kalasi imodzi. Temu yatha ndinaphunzitsa bwino za mmene masamba amapangira chakudya, mpaka tinayesa sitachi ndi ayodini, ana anaona ndi maso awo tsamba likusintha mtundu. Sabata imeneyo aliyense amayankha. Pa mayeso otsekera temu, ana 19 okha ndi amene anakumbukira kuti tsamba timayamba taliwiritsa m'madzi. Mnzanga wina wandiuza kuti ndiyambe kamayeso kakang'ono sabata iliyonse kobwereza zakale. Koma ndisankha bwanji mafunso, nanga makope 74 sabata iliyonse ndichonga nthawi yanji? Amene munayesapo ndithandizeni.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chilenje:
Madamu, kwathu timachita zimenezi kalekale. Lachisanu lililonse mayeso pa mutu wa sabata imeneyo, malikisi 20, ndipo ndimalemba m'buku. Mwana akadziwa kuti malikisi akulembedwa amawerenga. Kuchonga ndiye kumapweteka, ine ndimapita nawo kunyumba makopewo, magetsi akathima ndimachonga ndi tochi ya foni.

Mayi wa masamu, Matero:
Abambo a ku Chilenje, mbali ina mwalondola, chifukwa kufunsa mwana kumamuthandiza kuposa kumuuza kuti awerengenso manotsi. Koma mayeso anuwo akufunsa za sabata yomweyo, pamene zinthu zidakali zotentha m'mutu. Vuto la madamu a ku Chawama ndi lina: zimene mwana amadziwa mu sabata 3 zasowa pofika sabata 12. Mankhwala ake ndi kufunsa chinthu chija chitayamba kuzirala, kenako kuchisiyanso nthawi yotalikirapo, n'kuchifunsanso.

Ndakhala ndikuchita izi kwa zaka zingapo, ndifotokoze mmene ndimachitira. Mafunso ndi 5 basi, pa Lolemba, mphindi 10 zoyambirira za piriyodi. Ndimawalemba pa bolodi, palibe kusindikiza pepala. Ana amalemba kumapeto kwa kope, mabuku ndi manotsi zili zotseka. Mphindi 6 kulemba, mphindi 4 kuchonga, ndipo amachonga okha. Ine sinditenga kope la mwana aliyense kupita nalo kunyumba.

Kusankha mafunso ndimatsata lamulo limodzi. Mutu umene ndaphunzitsa sabata ino ubweranso patapita sabata 1, kenako patapita masabata 3, kenako patapita masabata 7. Tinene kuti lero ndi Lolemba la sabata 8. Mafunso awiri achokera ku sabata 7, limodzi ku sabata 5, limodzi ku sabata 1. Funso lachisanu ndimalisunga, ndi malo a funso limene ana ambiri analephera sabata yatha. Ine ndimawatcha malo a ngongole.

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Amayi, zikomo, izi zikumveka. Koma temu ikangoyamba, tinene sabata 2, palibe sabata ya kumbuyo yoti ndibwerere masabata 3 kapena 7. Malo amenewo ndiyikamo chiyani?

Mayi wa masamu, Matero:
Mmenemo mumalowa za temu yatha. Tiwerenge pamodzi. Temu yathu imakhala ndi masabata 13. Sabata 1 kamayeso kulibe, ana amabwera apo ndi apo, kwinaku tikusesa ndi kulembetsa. Masabata 12 ndi 13 amapita ku mayeso otsekera ndi malipoti. Ndiye otsala ndi masabata 10, kuyambira sabata 2 mpaka 11, kutanthauza mafunso 50 pa temu yonse. Malo obwerera masabata 3 amakhala opanda kanthu mu sabata 2 ndi 3, ndipo malo obwerera masabata 7 amakhala opanda kanthu kuyambira sabata 2 mpaka 7. Onse pamodzi ndi malo 8, ndipo onsewo ndimawapereka ku mitu ya temu yatha.

Ndimayamba ndi mitu ya kumapeto kwa temu yathayo, chifukwa ndi imene inaonongedwa mwayi. Taonani: mutu wa sabata 4 umabwera mu sabata 5, 7 ndi 11, katatu konse. Mutu wa sabata 9 umabwera kamodzi kokha mu sabata 10, temu n'kutha. Wa sabata 11 subwera n'komwe. Poyamba sindinalione vutoli, ndinadabwa kuti ana akukhoza za mu Januwale koma akulephera za kumapeto kwa Malichi. Ndiye tsiku lotsekera ndisanachoke pasukulu ndimatenga sikimu, n'kulemba pa tsamba limodzi mitu imene ili ndi ngongole, kuti potsegulira ndisayambe kuganiza.

Mphunzitsi wachinyamata, Kanyama:
Ine ndili nawo mapepala a mayeso a boma a bungwe la ECZ a zaka zambiri m'foni, sayansi ndi masamu. Amene akufuna andiuze nditumize. Mungamawapatse pepala limodzi Loweruka lililonse, akamafika Fomu 4 amakhala atazolowera.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mtendere:
Achimwene, mapepalawo titumizireni, tiwafuna. Koma nkhani ili apa si yokonzekera mayeso a boma. Pepala lathunthu lili ndi zinthu zimene ana a Fomu 1 sanaphunzirebe, ndipo sungakumbukire chimene sunachimvepo. Mwina kutolamo funso limodzi limodzi logwirizana ndi mutu umene wadutsa, zimenezo zingatheke.

Amayi a ku Matero, ine nkhawa yanga ndi ya kuchonga okha. Ana athu timawadziwa. Mwana alemba yankho lolakwa, inu mukanena lolondola afufuta n'kudzipatsa chongi. Mumadziwa bwanji zoona?

Mayi wa masamu, Matero:
Funso labwino, ndipo apa ndi pamene ndisiyana ndi abambo a ku Chilenje. Mwana amabera pamene pali chimene apindule kapena chimene akuopa. Malikisi akangolowa m'buku, kapena mukangoyamba kuitana mayina a olephera, kubera kumayamba tsiku lomwelo. Ine sindilemba kuti mwana uyu wapeza 2 pa 5. Ndimalemba za funso, osati za mwana. Tikachonga ndimati, funso loyamba, amene mwakhoza kwezani manja. Ndimawerenga mwachangu mzere ndi mzere, n'kulemba nambala pambali pa funsolo m'kope langa. Manambala 5 pa sabata, ntchito yatha.

Zina zimene zimathandiza: asanayambe kuchonga, aliyense amajambula mzere pansi pa mayankho ake, ndipo zokonza amalemba pansi pa mzerewo. Amene analemba ndi bolopeni amachonga ndi pensulo. Ndipo pamene akulemba ndimayenda m'mizere iwiri, kusinthasintha sabata iliyonse, kuyang'ana mayankho. Ngati m'makope 15 amene ndaona okhoza ndi 5 okha, koma manja akwera pafupifupi kalasi yonse, ndimadziwa kuti manjawo akunama. Zikatero sindikalipa. Ndimawakumbutsa kuti funso limene ambiri alephera ndi limene ndimalifotokozanso, ndiye akabisa adzimana okha.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chilenje:
Ndikumva, koma sindinakhutire. Popanda malikisi ana anga akumbuyo aja sangalembe n'komwe, angokhala kudikira mayankho. Komanso ahedi amafuna kuona buku la malikisi, akafunsa umboni wa ntchito ndiwaonetsa chiyani?

Mayi wa masamu, Matero:
Za ahedi, mayeso anu a Lachisanu kapena a pamwezi asiyeni akhalepo, malikisi achokere kumeneko. Kamayeso aka n'kosiyana, ndipo umboni wake ndi kope langa la manambala lija pamodzi ndi masamba a kumapeto a makope a ana. Za akumbuyo, mukunena zoona, alipo amene amadikira. Chimene ndimafuna kwa aliyense ndi chakuti pa funso lililonse palembedwe kanthu nthawi yochonga isanafike, ngakhale kongoyerekeza. Kope lopanda kanthu ndilo ndimalifunsa, kope lolakwa ayi. Komabe sindinganame, m'kalasi mwanga muli anyamata anayi kapena asanu amene mpaka lero amalemba manambala a mafunso okha. Amenewo sindinawapezere njira.

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Amayi, tipatseni chitsanzo cha funso limodzi mmene linayendera temu yonse, kuti ndione malo a ngongole aja amagwira ntchito bwanji.

Mayi wa masamu, Matero:
Chabwino. Chaka china ndili ndi Giredi 8, ndinaphunzitsa kukwera kwa mtengo mu maperesenti mu sabata 3. Mu sabata 4 ndinafunsa kuti katundu anali K200, wakwera kufika K220, wakwera ndi maperesenti angati. Yankho ndi 10%. Mwa ana 68 amene analipo, manja 52 anakwera. Mtima unakhala pansi.

Mu sabata 6 mutuwo unabweranso. Ndinati katundu anali K80, tsopano ndi K100. Manja 23 okha mwa ana 66. Poyenda m'mizere ndinaona ambiri alemba 20%, pamene yankho ndi 25%. Ndipo 20% imeneyi imabwera m'njira ziwiri. Ena amangochotsa 80 mu 100 n'kupeza 20, n'kumata chizindikiro cha peresenti. Ena amagawa 20 ndi mtengo watsopano wa K100 m'malo mwa mtengo wakale wa K80. Ndinafunsa ana awiri kuti afotokoze mmene anapezera, mmodzi anachita njira yoyamba, wina yachiwiri. Ndinatenga mphindi 3 pa bolodi kulemba 20/80 × 100 = 25, n'kutsindika kuti pansi pamakhala mtengo umene tachokera. Sindinaphunzitsenso mutu wonse, phunziro la tsikulo linapitirira.

Mu sabata 7 funsolo linalowa m'malo a ngongole, ndipo apa ndinalakwitsa. Ndinasintha manambala kukhala K40 kufika K50. Manja anakwera 60. Ndikubwerera kunyumba m'basi ndi pamene ndinazindikira kuti 10/40 × 100 ndi 25 yomweyo. Ana ambiri anangokumbukira kuti yankho la funso la mitengo ndi 25%. Nambala 60 ija inali yabodza, ndipo wolakwa ndinali ine. Mu sabata 8 ndinalibwezanso: K50 kufika K65. Yankho ndi 30%. Wongochotsa apeza 15%, wogawa ndi mtengo watsopano apeza pafupifupi 23%, ndiye yankho lililonse lolakwa limandiuza lokha kuti mwana wasochera pati. Anakhoza 41 mwa 67. Mu sabata 10, pa tsiku lake lenileni la masabata 7, ndinalitembenuza: mtengo watsika kuchoka K100 kufika K80. Apa yankho ndi 20%, ndipo anakhoza 45, koma dziwani kuti wongochotsa uja apanso akhoza mwangozi, ndiye ndinawauza kuti ayenera kuonetsa chimene agawa.

Ine malire anga ndi akuti funso likakhozedwa ndi ana osafika magawo awiri mwa atatu, limalowa m'ngongole. Mafunso awiri akalephereka sabata imodzi, ndimatenga limene mitu yakutsogolo ikudalira, linalo limadikira.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mtendere:
Nkhani ya K40 ndi K50 yandigwira mtima, chifukwa ndi zomwe zimandichitikira. Ndikabwereza chiganizo chomwecho cha galamala ana amakhoza onse, ndikasintha mneni agwa. Koma ndifunse, masabata 1, 3 ndi 7 amenewa munawatenga kuti? Ndi lamulo la akatswiri?

Mayi wa masamu, Matero:
Manambala enieniwo ndi anga, ndinawasankha chifukwa amakwana m'temu yathu. Wina angachite 1, 4 ndi 8, palibe chingaonongeke. Chimene chinachokera ku kafukufuku ndi mfundo zake ziwiri. Yoyamba ndi yakale kwambiri: Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri masiku oyamba, kenako kumachepa liwiro. Yachiwiri ndi ya Roediger ndi Karpicke ku America mu 2006. Anapatsa ophunzira a ku yunivesite nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anapatsidwa nthawi imodzi yokha yoiwerenga n'kumayesedwa kulemba zimene akukumbukira. Patapita mphindi 5, owerenga mobwereza ndi amene anachita bwino. Patapita sabata zinatembenuka: oyesedwa aja anakumbukira pafupifupi 61%, owerenga mobwereza 40%. N'chifukwa chake ndimakana kuti ana atsegule manotsi pa kamayeso. Kuvutika kuja kofufuza m'mutu ndiko kumagwira ntchito, ngakhale mwanayo panthawiyo amaona ngati sizikuyenda.

Mphunzitsi wachinyamata, Kanyama:
Tsopano ndamva, pepani ndinathamanga. Nanga bwanji kuwapatsa mafunso osankha A, B, C, D? Kuchonga kwake n'kwachangu, ndipo mungafunse 10 m'malo mwa 5.

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Kwa ine kulemba mayankho anayi pa funso lililonse pa bolodi kungandidyere nthawi, ndipo bolodi lathu theka lake silionekanso bwino. Komanso mwana akaona mawu akuti kuwiritsa pa mndandanda angowazindikira, pamene pa mayeso aja chimene analephera ndi kuwatulutsa yekha m'mutu. Ndikuganiza kuti ndizifunsa motere: tisanathire ayodini pa tsamba timalichita chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Kodi funso lotere silitalika kwambiri, amayi?

Mayi wa masamu, Matero:
Ligaweni pawiri, madamu. Sabata yoyamba funsani chimene timachita, yankho la mawu ochepa. Likamabweranso patapita masabata 3 funsani chifukwa chake. Pa ulendo wachitatu apatseni nkhani: tsamba la mbewu imene yakhala mumdima masiku awiri lathiridwa ayodini, muona mtundu wanji? Mfundo ndi yomweyo koma khomo lolowera lasintha. Funso lililonse liyankhike m'mphindi imodzi, apo ayi mphindi 10 zija zisanduka 25, ndipo pofika sabata 5 mudzakasiya kamayesoko chifukwa silabasi ikukuthamangitsani. Aphunzitsi ambiri amene ndawaona akusiya, anasiyira pamenepa.

Mphunzitsi wa Giredi 6, Garden:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinayesa zofanana mu 2024, chaka chimene sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale chifukwa cha kolera. Ana anabwera ataiwala ngakhale matebulo ochulukitsa. Ndinayamba mafunso 5 m'mawa, koma ndinapeza china. Ana ena amalephera osati chifukwa aiwala, koma sanamve Chingerezi cha funsolo. Ndikalinena m'Chinyanja, dzanja limakwera. Ndiye nambala imene ndalemba ikuyeza kukumbukira kapena chilankhulo? Ine tsopano ndimawerenga funso m'Chingerezi, n'kulinenanso kamodzi m'Chinyanja, ndipo mwana akayankha m'Chinyanja ndimamulola.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mtendere:
Ku pulayimale ndikuvomerezani, mayi. Ku sekondale ndikukayika. Mayeso a ECZ a sayansi adzabwera m'Chingerezi, ndipo mawu a phunzirolo ndi mbali ya zimene mwana ayenera kukumbukira. Mwina kumasulira funso inde, koma yankho libwere m'chilankhulo cha mayeso.

Mphunzitsi wa Giredi 6, Garden:
Koma mwana amene akudziwa kuti tsamba timaliwiritsa, n'kusowa mawu ake a Chingerezi, tizimuwerenga pamodzi ndi amene sakudziwa kalikonse? Kwa ine amenewa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo thandizo lake n'losiyananso.

Mayi wa masamu, Matero:
Pamenepo ndilibe yankho lomaliza, masamu amandipeputsira chifukwa manambala alibe chilankhulo. Nonse muli ndi mfundo. Madamu a ku Chawama ayese aone ana awo.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chilenje:
Ine funso langa lomaliza: mumawauziratu mitu imene ibwere Lolemba? Ndikanakhala ine ndikanawauza Lachisanu kuti akawerenge.

Mayi wa masamu, Matero:
Ine sindiwauza, chifukwa akawerenga usiku wa Lamulungu nambala ya Lolemba sindiuzanso zimene zinakhazikika. Koma mnzanga amene timagawana naye kalasi amawauza, akuti bola mwana watsegula kope kunyumba. Ana ochenjera amalizindikira okha lamulo la 1, 3 ndi 7 pofika pakati pa temu, ndipo amenewo sindiwaletsa. Abambo, mutayesa pa mbiri yakale mutiuze, ndikufuna kudziwa ngati zaka ndi mayina zimazirala msanga kuposa zifukwa za zochitika.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chilenje:
Ndiyesa pa kalasi imodzi yokha, inayo ipitirize ndi mayeso a Lachisanu. Malikisi sindinawasiyebe, koma funso limodzi la masabata 3 kumbuyo ndiliwonjezera.

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Ndatenga sikimu yanga, ndajambula mizere 10 kumapeto kwa kope. Ife tili mu sabata 4, ndiye Lolemba likudzali ndi sabata 5: awiri a sabata 4, limodzi la sabata 2, ndipo malo a masabata 7 ndaikamo funso la ayodini la temu yatha. Malo a ngongole pakadali pano alibe mwini, popeza sindinayambe. Ndiikemo chiyani?

Mayi wa masamu, Matero:
Ikanimo funso losavuta limene mukudziwa kuti pafupifupi onse akhoza, ndipo likhale loyamba pa bolodi. Tsiku loyamba ana amaganiza kuti ndi msampha, amadikira kuona ngati mutulutse buku la malikisi. Musalibweretse n'komwe m'kalasi tsiku limenelo. Ndipo ana 74 kuwerenga manja kasanu kumatenga nthawi, ndiye sankhani mwana mmodzi pa mzere uliwonse aziwerenga mzere wake n'kukuuzani nambala, inu muzingophatikiza.

Mphunzitsi wa sayansi, Chawama:
Mizere ilipo 4, ndiye ana anayi. Ndidzatumiza manambala anga pano Lolemba madzulo.